Nsomba za Tonse, Msipu wa Tonse: Kodi N'zoona Kuti Ziyenera Kutha?

Funso: Anthu ena amati chuma chimene mudzi wonse umadyerapo, monga nsomba za m'nyanja ndi msipu wa kudambo, chimatha msanga chifukwa chilibe mwini wake. Kambiranani maganizo amenewa popereka zitsanzo.

Maganizo ali m'funsoli anatchuka kwambiri m'chaka cha 1968, pamene katswiri wa zamoyo wa ku Amereka, Garrett Hardin, analemba nkhani m'magazini ya Science yonena za tsoka limene limagwera chuma cha tonse. Sanali woyamba. William Forster Lloyd anali atafunsa kale ku Oxford mu 1833 chifukwa chimene ng'ombe zodya pamsipu wa tonse zimaonda, ndipo H. Scott Gordon anali atalemba mu 1954 za mmene phindu la usodzi limasungunukira m'madzi amene aliyense angaloweremo. Koma Hardin ndiye anaika nkhaniyi m'njira yosavuta kuikumbukira, mpaka maboma ndi mabungwe othandiza anaitenga ngati lamulo la chilengedwe. Yankho langa ndi lakuti masamu a Hardin ndi olondola, koma amagwira ntchito pamalo amodzi okha: pamene palibe malire a amene angalowe ndiponso palibe wolanga wophwanya pangano. Malo otere alipo, ndipo nyanja ya Malombe ndi umboni wake. Si malo onse a tonse amene ali otero.

Poyamba tione masamuwo, chifukwa amene sanawamvetse amathamangira kunena kuti vuto ndi umbombo kapena umbuli wa asodzi ndi alimi a ziweto. Tiyerekeze kuti pali dambo limene mabanja khumi amadyetserapo ng'ombe, banja lililonse ng'ombe khumi, zonse pamodzi 100. Manambalawa ndi ongopeka kuti nkhani imveke. Tinene kuti ng'ombe iliyonse ingagulidwe K500,000, ndipo dambolo lafika pamlingo wake, moti kuwonjezera ng'ombe imodzi kumachepetsa udzu mpaka mtengo wa ng'ombe iliyonse umatsika ndi K6,000. Bambo wina akuganiza zowonjezera ng'ombe imodzi. Ng'ombe yatsopanoyo idzakhala ya K494,000, pamene ng'ombe zake khumi zakale zidzataya K60,000 zonse pamodzi. Iye wapindula K434,000. Koma ng'ombe 90 za anzake zataya K540,000. Mudzi wonse tsono wasauka ndi K106,000, chonsecho amene wachita zimenezi walemera.

Choopsa chili patsogolo. Mabanja onse khumi akachita chimodzimodzi, padambo pakhala ng'ombe 110, iliyonse ya K440,000, ndipo banja lililonse likhala ndi chuma cha K4,840,000 m'malo mwa K5,000,000. Onse aluza. Nanga munthu wamtima wabwino amene wadziletsa, anzake asanu ndi anayi n'kuwonjezera? Ng'ombe zake khumi zitsika mpaka K4,460,000, pamene aliyense wa anzakewo ali ndi K4,906,000. Wodziletsa yekha ndiye amavulala kwambiri. Apa mpamene pagona nkhani yonse. Munthuyo si mbuli, akuona bwino lomwe kuti udzu ukutha. Si wadyeranso kuposa anthu ena onse. Akungodziwa kuti udzu umene ng'ombe yake yausiya lero, ya mnansi wake iudya mawa. N'chifukwa chake misonkhano yophunzitsa anthu kuipa kowononga chilengedwe, ikakhala payokha, imabala zochepa kwambiri: imauza anthu zimene akudziwa kale, n'kusiya masamu aja ali chomwecho.

Kunyanja kumamvekanso chikhulupiriro china chotsutsana ndi cha Hardin, chakuti nsomba sizingathe. Akuluakulu ena pamadoko amati nsomba n'za Mulungu, zimabwera ndi mvula, zikasowa ndiye kuti zathawira kwakuya ndipo zibweranso. Chikhulupiriro ichi sichiyenera kusekedwa, chifukwa chili ndi pogwira. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo madzi atabwerera matemba, makumba ndi milamba zinabwereranso. Usipa wa m'nyanja ya Malawi umakhwima msanga, moyo wake ndi waufupi, ndipo kuchuluka kwake kumasintha kwambiri chaka ndi chaka malinga ndi mphepo ndi chakudya cha m'madzi. Msodzi amene waona zimenezi ndi maso ake ali ndi chifukwa chokayikira mlangizi wonena kuti maukonde ndiwo amatha nsomba.

Koma chambo si usipa. Chambo chimatenga zaka pafupifupi zitatu kuti chiyambe kuswana. Chachimuna chimakonza chisa pamchenga, chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa, kenako n'kukatitaya m'madzi osaya momwe muli udzu kuti tibisale. Kugwira chambo chimodzi chachikazi m'nyengo yoswana ndiko kupha tiana tonse tili m'kamwamo, ndipo kukokolola udzu wa pansi pa madzi ndiko kugwetsa nyumba ya kasawala.

Zimenezi n'zimene zinachitika ku Malombe. Nyanjayi ili m'boma la Mangochi, pamene mtsinje wa Shire umafutukuka utangotuluka m'nyanja ya Malawi, ndipo ndi yosaya, mamita ochepa chabe, moti khoka limafika pansi paliponse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 asodzi ankavuula chambo chokwana matani pafupifupi 8,000 pachaka. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitatsika mpaka matani mazana ochepa. Madzi sanaphwe ngati ku Chilwa. Chimene chinasintha ndi kuchuluka kwa zida ndi mtundu wake. Makoka a kambuzi anachuluka m'mphepete, ndipo pakati pa nyanja panafala nkacha. Nkacha ndi khoka la maso ang'onoang'ono limene amalitchera mozungulira ndi maboti awiri, kenako mnyamata mmodzi amamira n'kukamanga kunsi kwake kuti likhale ngati thumba, anzake n'kulikokera m'boti. Cholinga chake ndi kambuzi, nsomba zazing'ono zimene zimakhwima zili zazing'ono chomwecho. Koma khoka silisankha. Limatenga kambuzi ndi kasawala yemwe, ndipo chingwe chake cha pansi chimapalasa udzu ndi zisa.

Taonani mmene masamu aja akugwirira ntchito pano. Chambo chitayamba kuchepa, mwini khoka aliyense anaona kuti ukonde wa maso akuluakulu ukubwera wopanda kanthu, pamene wa mnzake wa maso ang'onoang'ono ukudzaza boti. Nzeru yake inali yoti achepetse maso. Atachepetsa onse, kasawala amene akanakula n'kukhala chambo cha zaka zikubwerazo anathera pathandala loyanikira. Kwa kanthawi matani a nsomba zonse sanagwe, popeza kambuzi analowa m'malo mwa chambo, ndipo munthu wongoyang'ana chiwerengero cha matani akanati zinthu zili bwino. Kenako kambuzi yemweyo anayamba kuchepa.

Apa pali phunziro la mmene tingadziwire kuti nsomba zikutha. Matani onse ovuulidwa amanamiza, chifukwa akhoza kukhala osasintha pamene maboti achuluka kawiri. Chofunika kuyeza ndi nsomba zimene khoka limodzi limagwira pa kukoka kumodzi, kapena ukonde umodzi pa usiku umodzi. Chiwerengero chimenecho chikamatsika chaka ndi chaka, nsomba zogwidwa zikamachepa msinkhu, mitundu yodula ikamasowa n'kutsala yotchipa, ndiponso asodzi akamachepetsa maso a maukonde ndi kupita kutali kuposa kale, ndiye kuti akudya mbewu. Kumsipu zizindikiro zake n'zofanana: udzu umene ng'ombe zimakonda umasowa n'kumera zitsamba ndi udzu wosadyedwa, nthaka imayera kuzungulira pomwera madzi, tinjira ta ng'ombe timasanduka zigwembe, ndipo ng'ombe zazikazi zimatalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mwana.

Kufika pano zikuoneka ngati Hardin wapambana. Cholakwa chake chili pa mawu akuti chuma cha tonse chilibe mwini. Iye anasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. China ndi malo otseguka kwa aliyense, opanda woletsa, monga analili Malombe, kumene munthu aliyense wokhala ndi ndalama yogulira khoka ankangofika padoko, kupereka kangachepe kwa mfumu, n'kuyamba kukoka. China ndi malo a gulu lodziwika, amene eni ake ndi ambiri koma amadziwana, ali ndi malamulo, ndipo angathe kubweza mlendo. Hardin mwini wake, patapita zaka, anavomera kuti nkhani yake inayenera kunena za chuma cha tonse chosayang'aniridwa.

Amene anasonkhanitsa umboni wa zimenezi ndi Elinor Ostrom, m'buku lake la 1990, ntchito imene inamupatsa mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2009, mayi woyamba kuilandira. Chitsanzo chake cha msipu ndi mudzi wa Törbel, m'mapiri a ku Switzerland, umene Robert Netting anaufufuza kwa zaka zambiri. Kumeneko minda ya mbewu ndi ya udzu wodula ndi ya munthu payekha, koma msipu wa pamwamba paphiri, kumene ng'ombe zimakadya m'chilimwe, ndi wa mudzi wonse. Mu 1483 anthu a m'mudzimo analemba pangano lakuti mlendo amene wagula munda ku Törbel sapeza nawo ufulu wodyetsa kuphiri. Mu 1517 anaikanso lamulo lakuti munthu asatumize kuphiri ng'ombe zoposa zimene angathe kuzidyetsa m'khola nyengo yachisanu ndi udzu wouma wa m'munda mwake. Ankasankha munthu woyang'anira amene ankalipiritsa chindapusa, theka la chindapusacho n'kukhala lake.

Lamulo la 1517 ndi lanzeru kwambiri, ndipo ndi bwino kuona chifukwa chake. Silifuna katswiri woyeza udzu. Aliyense m'mudzi amadziwa ng'ombe zimene mnzake anagona nazo m'khola chisanu chonse, choncho kunama n'kovuta. Limatsekanso njira ya munthu wochenjera amene angagule ng'ombe zambiri chilimwe chikamayamba, kuzinenepetsa ndi udzu wa mudzi, n'kuzigulitsa chisanu chisanafike. Tikabwerera ku dambo lathu lija, bambo wofuna kuwonjezera ng'ombe sakuwerengeranso K434,000 yaulere. Ayenera kupeza kaye udzu wake wa miyezi ingapo, ndipo akazemba, chindapusa chikumudikira kwa munthu amene ali ndi phindu pomugwira. Mtima wa bamboyo sunasinthe. Chasintha ndi mtengo wa ng'ombe yowonjezerayo. Msipu wa ku Törbel wadyetsa ng'ombe zaka mazana asanu osasanduka chipululu.

Sitifunika kupita ku Ulaya kuti tione zotere. Pachilumba cha Mbenje, m'boma la Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukuyendetsa usodzi kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Mvula ikayamba, cha mu Disembala, chilumba chimatsekedwa ndipo asodzi onse amachoka. Chimatsegulidwa cha mu Epulo ndi mwambo, akuluakulu atapereka nsembe. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, akazi safikapo, zida zina n'zoletsedwa, ndipo wophwanya malamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Anthu angatsutsane za lamulo loletsa akazi, ndipo pali zifukwa zomveka zolitsutsira, koma palibe amene angati utaka wa ku Mbenje ulibe mwini. Kutseka kwa miyezi inayi n'kotalika kuposa kwa boma, kumene panyanja ya Malawi kwakhala kwa Novembala ndi Disembala pa makoka a m'mphepete. Ndipo chilumba chili ndi mwayi umene gombe lalitali lilibe: pofikira ndi pochepa, moti boti lozemba limaoneka.

Chikhulupiriro chotsatira chinachokera kwa Hardin yemweyo, chakuti mankhwala ndi awiri okha: boma lilande chumacho n'kumachilamulira, kapena chigawidwe kuti aliyense akhale ndi gawo lakelake. Zonse ziwiri zinayesedwa.

Za boma, chitsanzo chachikulu ndi nsomba za kodi za ku Newfoundland, ku Canada. Mu 1968 zombo za mayiko osiyanasiyana zinavuula matani oposa 800,000 a nsombazi, ndipo pamenepo panalidi potseguka kwa aliyense. Mu 1977 Canada inakulitsa malire ake a panyanja mpaka mamailosi 200, n'kuyamba kulamulira usodziwo ndi akatswiri ake. Patangotha zaka 15, mu Julaye 1992, nduna yoona zausodzi, John Crosbie, inatseka usodzi wonsewo, ndipo anthu pafupifupi 30,000 anasowa ntchito. Chinalakwika n'chiyani? Akatswiri ankadalira kwambiri zimene zombo zikuluzikulu zinkagwira. Koma nsombazi zikachepa zimaunjikana malo amodzi, ndipo zombo zokhala ndi makina ozifufuzira zinkazipezabe n'kudzaza. Mapepala ankasonyeza kuti nsomba zilipo zambiri. Asodzi a maboti ang'onoang'ono a m'mphepete anadandaula kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kuti nsomba zikuchepa ndipo zikubwera zazing'ono, koma sanamvedwe. Choncho ngakhale muyeso uja wa nsomba pa kukoka kumodzi uli ndi malire ake: umanama pamene zida zikunka zikukhwima kapena pamene nsomba zili za mtundu woyenda m'chigulu. Ku Malombenso malamulo a boma a maso a maukonde ndi nyengo yotseka analipo nthawi yonse imene chambo chinkatha. Panalibe anthu, maboti ndi mafuta okwanira owatsatira.

Za kugawa, tione msipu wa ku Botswana. Mu 1975 boma linakhazikitsa ndondomeko yatsopano ya malo odyetsera ziweto, poganiza kuti msipu wa mafuko ukuwonongeka chifukwa ndi wa tonse. Linadula mafamu akuluakulu, ambiri a mahekitala pafupifupi 6,400, n'kuwabwereketsa kwa zaka 50 kwa anthu a ng'ombe zambiri, poyembekezera kuti akachoka pamsipu wa mudzi, osauka apeza mpata. Koma eni mafamuwo sanalandidwe ufulu wawo wakale wodyetsa pamsipu wa mudzi. Ankatha kudyetsa ng'ombe zawo kumudzi udzu ukadalipo n'kusunga wa kufamu, kapena udzu wa kufamu ukatha n'kuzibweza kumudzi. Malo ena amene ankati ndi opanda anthu anapezeka kuti munkakhala Abasarwa ndi alimi ang'onoang'ono. Msipu wa tonse unachepa, ng'ombe zodyapo sizinachepe.

Palinso chifukwa china chimene mpanda umalepherera m'madera ouma. Kumene mvula imagwa mwa apo ndi apo, chaka chino kuno, chaka chamawa uko, chuma cha woweta ndi ufulu woyenda. Ofufuza amene anakhala pakati pa Aturkana a ku Kenya m'zaka za m'ma 1980 anapeza kuti m'madera otere chilala ndicho chimadula chiwerengero cha ziweto nthawi zambiri zisanafike pomaliza udzu, ndipo udzu umatsata mvula kuposa mmene umatsatira kuchuluka kwa ng'ombe. Kumugawira munthu wotere kamalo kakekake ndiko kumuuza kuti chaka chimene mvula idzalambalale kamaloko ng'ombe zake zife. Msipu wa tonse kumeneko ndi njira yogawana tsoka la chilala. Kwathu kuno mwambo wolola ng'ombe kulowa m'minda ya anthu kukadya mapesi akamaliza kukolola uli ndi nzeru yofananayo, ndipo chimene chikupanikiza ziweto m'madera ambiri si kuchuluka kwake kokha ayi, komanso madimba amene akudya madambo. Za nsomba, kugawa madzi n'kosatheka n'komwe, poti chambo sichidziwa malire a munda.

Wina akamva zonsezi angathamangire ku chikhulupiriro chatsopano, chimene chinakondedwa kwambiri m'zaka za m'ma 1990: kuti mukangopereka chuma m'manja mwa anthu akumudzi, zonse zikhala bwino. Malombe yemweyo akutsutsa zimenezi. Mu 1993 Dipatimenti ya Zausodzi, mothandizidwa ndi mabungwe akunja, inayambitsa ndondomeko yoyendetsa usodzi pamodzi ndi anthu ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire. Anakhazikitsa makomiti a m'madoko, n'kugwirizana zokweza maso a nkacha kufika pa mamilimita 19 ndi kulemekeza nyengo yotseka. Lamulo latsopano la zausodzi la 1997 linavomereza kuti anthu azitenga nawo mbali. Chambo sichinabwerere pamlingo wake wakale.

Zifukwa zake zikuoneka bwino tikayerekeza ndi Törbel ndi Mbenje. Makomitiwo anabadwira mu ofesi, osati padoko, ndipo ambiri ankawaona ngati maso a boma kapena njira yopezera ndalama za misonkhano. Anayamba ntchito lamulo lowapatsa mphamvu lisanakhalepo. Anakangana ndi mafumu, amene kale ankalandira nsomba ndi ndalama kwa asodzi obwera ndipo tsopano ankaona kuti mphamvu zawo zikulandidwa. Anyamata ogwira ntchito m'maboti, amene ndiwo amasankha kokakoka ndipo malipiro awo ndi gawo la nsomba za tsikulo, analibe mawu okwanira m'makomitimo. Munthu wolipidwa chomwecho, kumuuza kuti agwiritse ntchito khoka limene kambuzi amapulumukamo, ndiko kumuuza kuti ana ake agone ndi njala chifukwa cha chambo chimene mwina adzadye ndi wina. Koposa zonse, funso lovuta lija silinayankhidwe: ndani ali ndi ufulu wosodza m'Malombe, ndipo makoka akhale angati? Kukonza maso a khoka popanda kuika malire a chiwerengero cha makoka kuli ngati kulamula kuti aliyense atapire nsima ndi dzanja limodzi, koma khomo la nyumba n'kulisiya lotsegula kwa aliyense wodutsa.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti kuika malire kumapweteka, ndipo ichi n'chimene okonda Ostrom nthawi zina amachilambalala. Pangano la ku Törbel la 1483 linali lotsekera anthu kunja. M'dera ngati Mangochi, kumene minda ndi yochepa ndipo ntchito zina n'zosowa, nyanja ndiyo pothawira munthu amene chimanga chamukanika. Kuchepetsa makoka ndiko kuchotsa anthu ena pantchito, ndipo mfumu kapena phungu amene anganene zimenezi poyera akudziika pamoto. Chuma cha tonse choyendetsedwa bwino sichikhala cha tonse kwenikweni. Chimakhala cha gulu lakutilakuti, ndipo amene watsala kunja amafunika kupezeredwa pena podyera.

Nyanja ya Chiuta, m'boma la Machinga, ikusonyeza mbali zonse ziwiri. Pakati pa zaka za m'ma 1990 asodzi a komweko, amene ankagwiritsa ntchito miono, mbedza ndi matchera, anaona asodzi a nkacha ochokera kwina atadzaza nyanja yawo, akuvundula madzi ndi kuwononga zida zawo. Anadzisonkhanitsa okha, anapanga makomiti awo, n'kuwathamangitsa, ngakhale mafumu ena anali kumbali ya alendowo chifukwa cha zimene ankalandira. Boma linabwera pambuyo kudzavomereza zimene anthu anali atayamba kale. Makomiti a ku Chiuta analimba kuposa a ku Malombe chifukwa eni ake anali ndi chinthu chooneka choti ateteze, mdani wake ankadziwika, ndipo lamulo lake linali losavuta kulondola: khoka m'nyanja muno ayi. Munthu safunika kuyeza maso a ukonde kuti adziwe kuti uyo akukoka khoka.

Koma Chiuta ili pamalire a Malawi ndi Mozambique, ndipo lamulo la makomiti a mbali ino silinkagwira ntchito kutsidya, kumene makoka ankaloledwabe. Asodzi othamangitsidwa ankangowolokera uko n'kumakoka nsomba za m'madzi omwewo, ndipo mikangano ya pamalirepo inafuna maboma awiri kuti akhale pansi. Malombe alinso ndi vuto lofanana, popeza madzi ake ndi amodzi ndi a Shire ndi a kumwera kwa nyanja ya Malawi, kumene kuli asodzi ena ndi zombo zokoka makoka ndi injini zimene komiti ya padoko singaziimitse. Ulamuliro wa mudzi umakwanira pamene malire a mudzi akufanana ndi malire a chumacho, monga phiri la ku Törbel kapena madzi ozungulira Mbenje. Nsomba zikamayenda kupyola malirewo, pamafunika makomiti a madoko ogwirizana pansi pa bungwe la nyanja yonse, khoti lolemekeza chindapusa chimene komiti yagamula, ndi boma logwira zombo zazikulu ndi kukambirana ndi dziko loyandikana nalo, ntchito zimene mfumu ndi anthu ake sangazithe ngakhale atagwirizana chotani.